Kulemba chidule cha msonkhano wa banki m'khonde: mafunso ndi mayankho

Mkangano umene umabuka tsiku logawana ndalama ku banki m'khonde nthawi zambiri umakhala kuti unayamba kalekale, patsamba la kope pamene mlembi anangolemba kuti "lero tabwereketsa anthu atatu" osatchula kuti ndani, zingati, ndipo abweza liti. Mafunso ali m'munsiwa ndi a mlembi amene akufuna kuti zolemba zake zizitha kuyankha zokha, ngakhale iye atachokapo. Kuti nkhani imveke, titsata chitsanzo cha gulu limodzi. Ndi la amayi 20 amene amakumana Lachinayi lililonse. Sheya imodzi ndi K2,000, ndalama ya sosho ndi K300 pamunthu, ndipo chiwongoladzanja ndi 10 peresenti pa masabata anayi alionse. Msonkhano umene tikulemba ndi wa pa 5 Juni 2025.

Popeza aliyense ali ndi kabuku kake, chidule cha msonkhano n'chantchito yanji?

Kabuku kamanena za munthu mmodzi. Mukatsegula ka membala nambala 7 mupeza zidindo za masheya amene wagula ndi ngongole imene ali nayo, koma simupezamo zimene zili m'bokosi la gulu. Chidule cha msonkhano ndicho chimasonkhanitsa zonse za tsikulo patsamba limodzi: ndalama zimene gulu linayamba nazo, zimene zalowa, zimene zatuluka, zimene zatsala, ndi zimene mamembala agwirizana.

Njira imene magulu ambiri amatsata inachokera ku bungwe la CARE, limene linaiyambitsa ndi amayi a ku Niger mu 1991. Inakonzedwa mwakuti ngakhale osadziwa kuwerenga azitha kulondoloza ndalama zawo, n'chifukwa chake pali chidindo cha sheya iliyonse, bokosi la maloko atatu, owerenga ndalama awiri, komanso mwambo woti mamembala aziloweza pamtima ndalama zimene zatsala m'bokosi. Chidule sichichotsa zimenezi. Chimangokhala mboni ina, yothandiza pamene mamembala awiri akumbukira mosiyana kapena kabuku ka wina kasowa.

Muyezo wa chidule chabwino ndi uwu: membala amene sanabwere ku msonkhano azitha kutenga tsambalo, kuwonkhetsa yekha, n'kupeza ndalama yomweyo imene owerenga ndalama anapeza. Ngati akufunika kufunsa mlembi kuti "apa mumatanthauzanji", ndiye kuti tsambalo silinathe.

Ndiyambe ndi chiyani pamwamba pa tsamba?

Yambani ndi dzina la gulu, deti lonse pamodzi ndi chaka, komanso nambala ya msonkhano kuwerenga kuchokera pamene gulu linayamba kusunga ndalama ulendo uno. Nambalayi imathandiza kuzindikira msanga ngati tsamba lina lathothoka kapena lang'ambidwa.

Kenaka lembani za kabweredwe. M'chitsanzo chathu anabwera anthu 18. Membala nambala 9 anatumiza uthenga wopepesa ndipo anapatsira mnzake ndalama za masheya ndi sosho, pamene nambala 20 anangojomba. Lembaninso amene anabweretsa ndalama za nambala 9, chifukwa tsiku lina mwiniwake akadzati anatumiza za masheya anayi koma m'kabuku muli zidindo zitatu, gulu lidzadziwa woti limufunse.

Mzere wotsatira ndi wa ndalama zoyambira. Bokosi likatsegulidwa, owerenga ndalama amawerenga pamaso pa onse, ndipo zimene apeza ziyenera kufanana ndi zimene munalemba kuti zatsala pa msonkhano wapita. Gulu lathu linapeza K46,000 m'thumba la ngongole ndi K31,200 m'thumba la sosho. Musakopere manambalawa kuchokera patsamba la sabata yatha. Lembani zimene zawerengedwa lero, kenaka muone ngati zikugwirizana.

Zosonkha za tsikulo ndilembe munthu aliyense payekha, kapena zonse pamodzi?

M'kope lalikulu la gulu lembani munthu aliyense, koma m'chidule mukhoza kuika zophatikiza, malinga mwasiyanitsa mitundu ya ndalama. Masheya akhale paokha, sosho payokha, chindapusa pachokha, zobweza ngongole pazokha.

Pa masheya lembani chiwerengero cha masheya choyamba, ndalama pambuyo. Pa 5 Juni anagula masheya 61, ndipo 61 kuchulukitsa ndi K2,000 ndi K122,000. Ubwino wolemba motere ndi wakuti aliyense angathe kuwerenga zidindo zatsopano m'mabuku n'kuona ngati zikukwana 61. Mukangolemba K122,000 yokha, palibe chofanizira.

Sosho ndi ndalama yothandizira pa maliro, matenda kapena ngozi, ndipo siyenera kusakanikirana ndi thumba la ngongole ngakhale papepala. Anthu 19 anapereka K300 aliyense, zonse K5,700. Gulu linapereka K10,000 ya chipepeso kwa membala nambala 13 amene anaferedwa. Choncho K31,200 kuphatikiza K5,700 kuchotsa K10,000, sosho inatsala K26,900.

Pa chindapusa pali msampha. Awiri anachedwa ndipo analipira K500 aliyense pomwepo, ndiye K1,000 yalowa m'bokosi. Nambala 20 amene anajomba naye ali ndi chindapusa, koma sanalipire popeza panalibe. Chimenecho chilembeni pambali monga ndalama yoyembekezereka. Mukachiphatikiza ndi zolowa, bokosi lidzaoneka ngati laperewera pamene palibe watenga kanthu.

Nanga obweza ngongole ndiwalembe bwanji?

Aliyense wobweza akhale ndi mzere wake, ndipo mzerewo uyankhe zinthu zitatu: wapereka zingati, mwa izo zachiwongoladzanja ndi zingati, ndipo ngongole yatsala zingati. Tsiku limenelo anabweza anthu atatu amene anakongola pa 8 Meyi.

Nambala 4 anakongola K50,000 ndipo wabweretsa K55,000. K5,000 ndi chiwongoladzanja, yotsalayo yatseka ngongole yonse, ndiye lembani mawu akuti "wamaliza". Nambala 11 anakongola K80,000 ndipo wabweretsa K28,000. Chiwongoladzanja ndi K8,000, K20,000 yachepetsa ngongole, yatsala K60,000. Nambala 15 anakongola K30,000 ndipo wabweretsa K3,000 yokha, imene ndi chiwongoladzanja basi, kotero ngongole yake ikadali K30,000. Zobweza zonse zakwana K86,000.

Taonani nambala 11. Mlembi akangolemba kuti "wabweza K28,000", mayiyo akafika kunyumba adzachotsa 28 pa 80 n'kumati watsala ndi K52,000. Gulu likuwerenga K60,000. Kusiyana kwa K8,000 kumeneku sikuoneka lero, kudzaonekera pa 31 Julayi, tsiku lake lomaliza, atabweretsa ndalama imene iye akukhulupirira kuti yakwana. Ngongole yotsala ilembedwe ndipo itchulidwe mokweza mwiniwake ali pomwepo.

Pa ngongole zimene zavomerezedwa, ndi ziti zimene siziyenera kusowa?

Ndalama zoti zibwereketsedwe zimadziwika pokhapokha zolowa zonse zawerengedwa. K46,000 yoyambira, K122,000 ya masheya, K86,000 yobweza ndi K1,000 ya chindapusa zikupanga K255,000. Nambala imeneyi ilembedwe musanayambe kutchula okongola.

Kwa wokongola aliyense lembani ndalama imene anapempha, imene wapatsidwa, masheya amene ali nawo, chiwongoladzanja ndi madeti obwezera. Masheya akufunika chifukwa magulu ambiri amatsata lamulo lakuti munthu asakongole kupitirira katatu ndalama zimene wasunga. Nambala 7 ali ndi masheya 18, amene ndi K36,000, ndiye malire ake ndi K108,000. Anapempha K90,000 ndipo anapatsidwa yonse. Nambala 19 ali ndi masheya 8, malire ake K48,000, ndipo analandira K40,000. Nambala 2 anapempha K150,000, koma masheya ake 20 amamulola K120,000 yokha, ndipo imeneyo ndi imene analandira. Chifukwa chimene anamudulira chilembedwe mwachidule, kuti pasadzamveke zoti wapampando anamukondera wina kapena anamuchitira nkhanza.

Siyanitsaninso kuvomereza ndi kupereka. Pena gulu limavomereza pempho la munthu koma ndalama m'bokosi zatha, n'kumuuza kuti adzakhala woyamba sabata yamawa. Munthu wotereyu alibe ngongole, ndipo chiwongoladzanja chake chidzayamba tsiku limene adzalandire ndalama m'manja. Mulembeni pansi pa mutu wa oyembekezera. Amene walandira asayine kapena adinde chala pamzere wake. Ngati malamulo a gulu amafuna womuimira kapena chikole, zilembedwe pamzere womwewo.

Kulemba kuti "abweza pakatha miyezi itatu" n'kolakwika pati?

Gulu limawerenga masabata, pamene wokongola amawerenga miyezi ya pakalendala, ndipo ziwirizi sizifanana. Kuchokera pa 5 Juni, masabata khumi ndi awiri akutha Lachinayi pa 28 Ogasiti. Koma miyezi itatu ya pakalendala ikutha pa 5 Seputembala, limene ndi Lachisanu, tsiku limene gulu silikumana n'komwe. Wokongola wowerenga miyezi adzabwera ndi ndalama pa 4 kapena pa 11 Seputembala ali ndi mtima woyera, n'kupeza gulu lamulembera kale chindapusa cha kuchedwa.

Choncho lembani madeti enieni, onse. Kwa atatu amene anakongola pa 5 Juni madeti ndi 3 Julayi, 31 Julayi ndi 28 Ogasiti. Onani kuti mu Julayi akulipira kawiri. Munthu amene amadalira malipiro a pamwezi, kapena amene akudikira kugulitsa mtedza wake, ayenera kumva zimenezi asanalandire ndalama. Mlembi akhale ndi kalendala pamsonkhano ndipo awerenge Lachinayi lililonse ndi chala, asawerenge pamtima.

Madetiwa aziyang'ananso tsiku logawana. Ngati gulu lathu lagwirizana kudzagawana pa 11 Disembala, ngongole ya masabata khumi ndi awiri yomaliza ingatuluke pa 18 Seputembala. Aliyense wokongola pambuyo pake nthawi yake ikhala yofupikirapo, ndipo chidule chinene momveka deti lake lomaliza.

Chiwongoladzanja tonse timachidziwa kuti ndi 10 peresenti. N'kofunika kuchilemba pa ngongole iliyonse?

N'kofunika, ndipo muchilembe m'makwacha. Mawu akuti 10 peresenti anthu amawamva m'njira zitatu. Titenge K90,000 ya nambala 7, imene akufuna kubweza m'magawo atatu a K30,000.

Ngati chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ngongole yotsala, pa 3 Julayi apereka K30,000 ndi K9,000, zonse K39,000. Pa 31 Julayi ngongole yatsala K60,000, ndiye apereka K36,000. Pa 28 Ogasiti apereka K33,000. Zonse pamodzi ndi K108,000. Ngati gulu limawerenga pa ndalama yonse imene anatenga poyamba, ulendo uliwonse apereka K39,000, ndipo zonse zikwana K117,000. Ndipo pali ena amene amamva ngati 10 peresentiyo ndi ya kamodzi kokha, n'kumayembekezera kubweza K99,000.

Njira yoyenera ndi imene ili m'malamulo a gulu lanu, ndipo mlembi sasankha yekha. Gulu lathu limawerenga pa yotsala. Ntchito ya mlembi ndi kusandutsa lamulolo kukhala ndalama pa deti lililonse, kuti wokongola achoke pamsonkhano akudziwa kuti pa 3 Julayi akufunika K39,000. Ngati tsikulo adzabweretsa yochepa, manambala a madeti otsatira adzasintha, ndipo chidule cha tsiku limenelo chidzalembe atsopanowo.

Chidule chonse chimaoneka bwanji chikatha?

Cha msonkhano wathu chingakhale chotere, pansi pa dzina la gulu ndi nambala ya msonkhano:

Lachinayi, 5 Juni 2025. Obwera 18. Wopepesa: Na. 9, ndalama zake wabweretsa Na. 3. Wojomba: Na. 20, chindapusa sanalipire.

Sosho: poyamba K31,200, yalowa K5,700, yatuluka K10,000, chipepeso kwa Na. 13, yatsala K26,900.

Thumba la ngongole: poyamba K46,000, masheya 61, K122,000, chindapusa K1,000, zobweza K86,000, zonse K255,000.

Obweza: Na. 4 wapereka K55,000, chiwongoladzanja K5,000, wamaliza. Na. 11 wapereka K28,000, chiwongoladzanja K8,000, yatsala K60,000. Na. 15 wapereka K3,000, chiwongoladzanja chokha, yatsala K30,000. Na. 11 ndi Na. 15 alipiranso pa 3 Julayi ndipo amalize pa 31 Julayi.

Ngongole zatsopano, 10 peresenti pa yotsala, madeti 3 Julayi, 31 Julayi, 28 Ogasiti: Na. 7 walandira K90,000, azibweza K39,000, K36,000, K33,000. Na. 2 anapempha K150,000, walandira K120,000 potsata malire a masheya, azibweza K52,000, K48,000, K44,000. Na. 19 walandira K40,000, azipereka K4,000, K4,000, kenaka K44,000. Zonse zatuluka K250,000.

Zatsala m'thumba la ngongole: K5,000. Msonkhano wotsatira: 12 Juni.

Pansi pake asayine wapampando, mlembi ndi mmodzi wa owerenga ndalama. Onani kuti mulibe nkhani ya amene anakweza mawu kapena amene anatsutsana ndi mnzake. Chimene chimalembedwa ndi chimene gulu lamanga. Ngati panali kuvota, lembani mutu wake ndi chiwerengero cha ovomera ndi okana.

Ndalama zam'bokosi zikasiyana ndi zam'kope, ndiyambire pati kufufuza?

Choyamba, bokosi lisatsekedwe ndipo anthu asabalalike. Chachiwiri, onani kukula kwa kusiyanako, chifukwa nthawi zambiri kumaloza pamene pali vuto.

Tinene kuti owerenga apeza K253,000 m'malo mwa K255,000. K2,000 ndi mtengo wa sheya imodzi, ndiye yambani ndi mabuku. Mwina wina wadindiridwa masheya anayi atapereka ndalama za atatu. Kusiyana kukakhala K5,700 ndendende, ndiye kuti sosho yagwera m'mbale ya masheya. Kukakhala K500, onani chindapusa chimene chalembedwa koma sichinalipidwe. Kusiyana kumene kukugawika ndi 9 popanda chotsala kawirikawiri kumasonyeza kuti manambala atembenuzidwa polemba, monga 68,000 m'malo mwa 86,000, pamene kusiyana kwake ndi 18,000. Ndipo kukakhala kuwirikiza kawiri ndalama ina ya tsikulo, mwina ndalamayo mwaichotsera pamene mumayenera kuiphatikiza.

Mukafufuza koma osapeza, musakonze nambala kuti zigwirizane. Lembani zonse ziwiri, zimene kope likunena ndi zimene zapezeka, ndi zimene gulu lagamula pa zoperewerazo. Mukapeza cholakwika cha kalembedwe, musafufute kapena kung'amba tsamba. Dulani nambala yolakwikayo ndi mzere umodzi kuti izionekabe, lembani yoyenera pambali, ndipo wapampando asayine pomwepo. Gwiritsani ntchito bolopeni, osati pensulo.

Ena amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Zimenezi zilowe bwanji m'chidule?

Ndalama imene ili pafoni si ndalama ya m'bokosi, ngakhale ili ya gulu. Pamzere wa zotsala lembani manambala awiri, za m'bokosi ndi za pafoni, ndipo amene amasunga foniyo aonetse mamembala zimene zilimo pamsonkhano. Kwa wotumiza aliyense lembani deti limene ndalama inafika ndi nambala ya uthenga wotsimikizira, pakuti chithunzi chotumizidwa pafoni chikhoza kukhala cha ulendo wina.

Gulu ligwirizanenso za ndalama yodulidwa potapa kwa ejenti. Membala akatumiza K10,000 ya masheya asanu, imene itapidwe idzachepa pang'ono. Ngati lamulo likuti wotumiza awonjezere yotapira, chidule chionetse kuti anawonjezera. Ngati gulu ndilo limalipira, ndalamayo ilembedwe m'gulu la zotuluka. Ikangosiyidwa osalembedwa, timakwacha timeneti timaunjikana, ndipo pofika nthawi yogawana wosunga foni amaoneka ngati wadya ndalama.

Kodi chidule chonsecho nditumize pa WhatsApp ya gulu?

Kope ndiye mwini nkhani, ndipo limakhala m'bokosi. Uthenga wa pafoni ndi chikumbutso chabe. Mukautumiza, kumbukirani kuti foni ya membala amaigwiranso amuna ake, ana ndi anansi. Gwiritsani ntchito manambala a mamembala m'malo mwa mayina, ndipo musalembe chimene munthu wakongolera. Ndalama zimene zatsala m'bokosi ndi bwino zisatchulidwe mu uthengawo, makamaka nthawi yogawana ikayandikira, pamene ngongole zabwerera ndipo wosunga bokosi akugona ndi ndalama zambiri m'nyumba. Chimene chili chothandiza pafoni ndi mndandanda wa amene deti lawo lafika pa msonkhano wotsatira, ndi ndalama imene aliyense akuyenera kubweretsa.

Chidule chilembedwe liti, ndipo chivomerezedwe ndi ndani?

Chilembedwe pamsonkhano pomwepo, ndalama zili pamphasa, osati madzulo kunyumba. Mlembi wanzeru amalemberatu mitu yonse pa msonkhano wapita, kope lisanalowe m'bokosi, n'kusiya mipata ya manambala, komanso amakhala atalemba kale amene deti lawo ndi la tsikulo. Akatero sachedwetsa msonkhano.

Osunga makiyi asanatseke maloko, mlembi awerenge chidulecho mokweza, pang'onopang'ono, m'chilankhulo chimene onse amamva. Wokongola aliyense atchule yekha ndalama ndi deti lake loyamba, kuti gulu limve kuti wamva. Amene akuona cholakwika anene nthawi yomweyo. Pa msonkhano wotsatira, bokosi lisanatsegulidwe, wapampando afunse mamembala zimene zinatsala m'matumba awiri aja. Pa 12 Juni gulu lathu liyenera kuyankha kuti K5,000 ndi K26,900, owerenga ndalama apeze zomwezo, ndipo manambala amenewo ndiwo adzakhale pamzere wa ndalama zoyambira patsamba latsopano.